Fayilo ya odwala ikamayenda usiku, kiyi amakhala ndi ndani?

Kumapeto kwa Meyi 2023, anthu a ku America ali pa tchuthi chotalikirapo cha kumathero a sabata, gulu la akuba a pa intaneti lotchedwa Cl0p linalowa m'makompyuta a mabungwe ambirimbiri panthawi imodzi. Silinachite kuthyola ofesi iliyonse payokhapayokha. Linapeza mpata m'pulogalamu imodzi yokha, yotchedwa MOVEit Transfer, ya kampani ya Progress Software, imene mabanki, zipatala, masukulu ndi nthambi za boma zinkatumizirana nayo mafayilo. Pamene kampaniyo inkachenjeza makasitomala ake pa 31 Meyi, n'kuti zambiri zitapita kale. Mabungwe amene anakhudzidwa anaposa 2,000, ndipo anthu amene zinsinsi zawo zinatengedwa anali mamiliyoni makumimakumi.

Ku Britain, zinsinsi za ogwira ntchito ku BBC, British Airways ndi Boots zinatuluka kudzera ku Zellis, kampani imene inkawakonzera malipiro. Ku Canada zinafika powawa kwambiri. BORN Ontario, bungwe losunga kaundula wa amayi oyembekezera ndi ana obadwa kumene, linalengeza kuti akubawo anakopera zokhudza anthu pafupifupi 3.4 miliyoni, zina zoyambira mu 2010.

Munthu angaganize kuti pulogalamuyo inali yachisawawa. Ayi ndithu. MOVEit inkaloka mafayilo ali pa ulendo, inkawalokanso akafika pa disiki. Akauntanti kapena mkulu wa chipatala akanafunsa kuti "kodi zinthu zathu n'zoloka?", akanamuyankha kuti inde, ndipo sakanamunamiza. Komabe mafayilo anapita, akubawo n'kuwawerenga. Chifukwa chake n'chimodzi: kiyi anali pamalo omwewo pamene panali fayilo.

Kuloka fayilo n'kutani

Fayilo ya odwala kawirikawiri imangokhala mizere ya zilembo: dzina, tsiku lobadwa, nambala ya foni, matenda, mankhwala. Aliyense amene waipeza amaitsekula n'kuwerenga. Kuiloka, kumene a zamakompyuta amati enikiripushoni, n'kuisakaniza ndi masamu mpaka isanduke zilembo zopanda mutu, moti angaibwezeretse ndi yekhayo amene ali ndi kiyi. Kiyiyo ndi nambala yaitali basi. Njira yofala kwambiri ndi AES, imene anakonza akatswiri awiri a ku Belgium, Joan Daemen ndi Vincent Rijmen, ndipo boma la America linaivomereza mu 2001. Pa mtundu wake wotchedwa AES-256, makiyi amene angakhalepo ndi ochuluka moti kuti mulembe chiwerengero chake mungafune manambala 78 ondondozana. Palibe wakuba amene amataya nthawi kuyesa makiyiwo mmodzimmodzi. Amakafuna pamene kiyi wagonekedwa, kapena pamene fayilo ili yosaloka.

Ndiye nkhani yonse imagona pa ulendo wa fayiloyo, kuyambira pamene ikutuluka mpaka pamene yafufutidwa.

Tiyerekeze chipatala chapulayiveti chimene usiku uliwonse chimatumiza ku kampani ya inshulansi mndandanda wa odwala amene awonedwa tsiku limenelo, kuti kampaniyo ilipire. Palibe amene amadzuka kukadina batani. Kompyuta inapatsidwa mzere umodzi m'pulogalamu yosunga nthawi yotchedwa `cron`:

```
0 2 * * * /opt/chipatala/tumiza.sh
```

Tanthauzo lake n'lakuti 2 koloko usiku, tsiku lililonse, malangizo amene ali mu `tumiza.sh` ayende. Malangizowo amatulutsa mndandanda m'nkhokwe ya chipatala, n'kuulemba m'fayilo, n'kuitumiza ku seva imene kampani ya inshulansi inaika kuti izilandirirapo mafayilo ochokera kuzipatala zonse. M'mawa pulogalamu ya kampaniyo imatenga fayiloyo n'kuilowetsa m'nkhokwe yawo.

Taonani nthawi yake. Fayilo ya odwala mazana angapo ndi yaing'ono, imadutsa pa intaneti m'masekondi ochepa. Koma pa seva yolandirira imakhala kuyambira 2 koloko mpaka m'mawa. Ikafika kumathero a sabata imadikira Lolemba. Ndipo ngati palibe anauzidwa kuti azifufuta, imakhala mpaka kalekale: chaka chikatha pamakhala mafayilo 365, ndipo ena 365 amakhala atatsalira m'foda ya kuchipatala imene anatulukira. Onjezanipo makope amene amasungidwa podziteteza kuti disiki ingawonongeke. Ife timaopa kwambiri masekondi a pa ulendowo, pamene fayilo imathera pafupifupi moyo wake wonse itangokhala.

Pa ulendo

Tiyambe ndi ulendowo poti ndi wosavuta kukonza. Njira yakale yotumizira mafayilo ndi FTP, imene malamulo ake ogwiritsidwa ntchito mpaka pano analembedwa mu 1985. FTP sibisa kanthu. Munthu amene ali pa netiweki imene fayilo ikudutsa, akatsekula pulogalamu yaulere yotchedwa Wireshark, amaona mzere woyamba ndi `USER` uli ndi dzina lolowera, wotsatira woyamba ndi `PASS` uli ndi pasiwedi yonse bwinobwino, kenako mayina a odwala akutsatana. Chipatala chimene chikutumizabe choncho chilibe chonamizira, chifukwa SFTP, imene imaloka njira yonse, ndi yaulere ndipo imapezeka pa Linux ngakhale pa Windows. Pali njira zinanso zabwino, monga HTTPS ndi FTPS, zimene zimadalira TLS. Pamenepo chongoonetsetsa n'chakuti ndi TLS 1.2 kapena 1.3, popeza 1.0 ndi 1.1 anazithetsa mu 2021.

Koma njira yoloka ili ndi funso limene ambiri amalilumpha: kodi kumapeto kwake kuli ndani? Mutha kuloka njira bwino kwambiri koma ikupita kwa wakuba amene wadziika pakati n'kumanamizira kuti ndi seva ya kampani. SFTP imathana ndi zimenezi motere. Seva iliyonse ili ndi chizindikiro chakechake. Kompyuta ya chipatala ikalumikizana nayo koyamba imasunga chizindikirocho m'fayilo yotchedwa `known_hosts`, ndipo usiku uliwonse imayerekeza. Tsiku limene zasiyana imakana kutumiza, n'kulemba ndi zilembo zikuluzikulu kuti `WARNING: REMOTE HOST IDENTIFICATION HAS CHANGED!`

Apa ndi pamene anthu amadzipweteka okha. Nthawi zambiri chenjezolo limabwera chifukwa kampani yangosintha seva osauza anzawo. M'mawa a zachuma akulusa kuti fayilo sinafike, mnyamata wa makompyuta ali pakati, ndiye amasintha mawu amodzi m'malangizo, kulemba `StrictHostKeyChecking=no`, zinthu n'kuyambanso kuyenda. Kuyambira usiku umenewo kompyutayo imapereka odwala kwa aliyense amene wayankha pa adilesiyo. Choyenera chinali kuimba foni kukampani, kufunsa ngati asinthadi seva, kuwauza awerenge chizindikiro chatsopano, n'kuchiyerekeza ndi chimene chikuoneka pa sikirini. Ndi ntchito ya mphindi zisanu. Lamulo lotumizira liyenera kukhala lotere:

```
sftp -b malangizo.txt -o StrictHostKeyChecking=yes chipatala@seva
```

Kulowa kwake kukhale kwa kiyi wa SSH osati pasiwedi yolembedwa m'malangizo, ndipo akaunti imeneyo iloledwe kuika mafayilo m'foda yake yokha. Isaone za zipatala zina, isathenso kukopera zimene inaika dzulo.

Pa disiki

Njira yoloka imathera pakhomo. SFTP ikafikitsa fayilo pa seva imaisiya mmene inaitengera. Ngati inali yowerengeka kuchipatala, ndi yowerengekanso kumeneko. Apa mabungwe ambiri amayankha kuti disiki ya seva ndi yoloka, ndi BitLocker pa Windows kapena LUKS pa Linux. Ndi chinthu chabwino ndipo chiyenera kuchitika. Koma tidziwe chimene chimateteza. Chimateteza kompyuta yothimitsa: laputopu yobedwa m'galimoto, seva imene akuba anyamula usiku, disiki yakale imene yagulitsidwa pamsika osafufuta. Kompyuta ikayaka n'kulandira kiyi, disiki imakhala yotsekula kwa pulogalamu iliyonse yololedwa. Tsono seva yolandirira mafayilo sithima. Imakhala yoyaka usana ndi usiku, ili pa intaneti, chifukwa ntchito yake ndi yomweyo.

MOVEit inkachita zoposa apa, poti inkaloka fayilo iliyonse payokha. Koma kuti izitha kupereka mafayilo kwa eni ake akawafuna, pulogalamuyo inkayenera kutha kuwatsekula yokha. Akubawo anapezerapo mwayi pa cholakwika chimene chinkalola munthu wakunja kulamula nkhokwe ya pulogalamuyo, n'kuikamo kafayilo kawo kotchedwa `human2.aspx`, dzina lofanana dala ndi fayilo yeniyeni ya MOVEit yotchedwa `human.aspx`. Kudzera m'kafayiloko ankaona mndandanda wa mafayilo n'kumakopera, pulogalamuyo ikuwatumikira ngati eni ake. Sanathyole AES. Sanafunikire n'komwe kuithyola.

Ndipo sikanali koyamba. Gulu lomwelo linatchulidwa pa kuba kudzera m'pulogalamu ya GoAnywhere kumayambiriro kwa 2023, komanso ya Accellion kumapeto kwa 2020 ndi kuchiyambi kwa 2021. Zonsezi ndi zotumizira mafayilo. Akuba anazindikira kale kuti pamalo amene mabungwe amapatsiranapo zinthu ndi pamene pamaunjikana zinsinsi za anthu ambiri, ndipo khomo lake limayang'ana kunja.

Loko amene wonyamula alibe kiyi wake

Yankho lake si lachilendo, linalipo kuyambira 1991 pamene Phil Zimmermann anatulutsa PGP. Masiku ano ambiri amagwiritsa ntchito GnuPG, yaulere, imene pa kompyuta imaitanidwa ndi dzina loti `gpg`. Mfundo yake ndi yakuti fayilo ilokedwe isanachoke kuchipatala, ndi loko amene chipatala, seva yapakati ngakhale mwini intaneti sangatsekule.

Taganizirani munthu amene wagula maloko ambiri ofanana, onse otsekulidwa ndi kiyi mmodzi. Malokowo akugawira anzake ali otsekula, kiyi wasunga kunyumba. Mnzake akafuna kumutumizira katundu pa basi amaika m'bokosi, n'kutseka ndi loko uja. Kutseka sikufuna kiyi, n'kungokanikiza. Kondakitala sangatsekule, mlonda wa kudepoti kumene bokosi lagona sangatsekule, ngakhale wotumiza mwiniyo sangalitsekulenso. Umu ndi mmene makiyi awiri amagwirira ntchito. Kampani ya inshulansi imapanga kiyi wolokera, amene imagawira zipatala popanda mantha, ndi kiyi wachinsinsi wotsekulira, amene satuluka.

M'kati mwake `gpg` imachita zinthu ziwiri. Imapanga kiyi watsopano wa fayilo imeneyo yokha n'kuloka naye zonse, kawirikawiri ndi AES, chifukwa ndi yachangu. Kenako imatenga kakiyi kameneko n'kukaloka ndi kiyi wolokera wa kampani, n'kukamatika kumutu kwa fayilo. Mawa imapanganso wina.

Ubwino wake pa ntchito ya usiku ndi waukulu. Vuto la chilichonse choyenda chokha n'lakuti 2 koloko usiku palibe munthu woti alembe pasiwedi, choncho chinsinsi chilichonse chimene kompyuta ikufuna chiyenera kugona pa kompyuta pomwepo, pamene wakuba angachipeze. Koma polokera kampani, kompyuta ya chipatala sifuna chinsinsi cha kampaniyo. Wakuba akailowa apeza kiyi wolokera, amene sangamuthandize kuwerenga mafayilo amene anapita kale.

Malangizo ake ndi aafupi:

```
set -euo pipefail
tulutsa_odwala | gpg --batch --trust-model always --sign --encrypt \
  --recipient "$WOLANDIRA" --output 20250314.gpg
```

Apa `tulutsa_odwala` akuimira pulogalamu iliyonse imene imatulutsa mndandanda m'nkhokwe. Kamzere koimirira kali pakatiko n'kofunika kwambiri: kamapereka mndandandawo kwa `gpg` mwachindunji, osaulemba kaye pa disiki. Ambiri amayamba alemba `odwala.csv`, n'kuiloka, n'kufufuta yoyambayo. Malangizo akaima panjira, fayilo yowerengekayo imatsala. Ngakhale ifufutidwe, pa madisiki amakono a SSD n'kovuta kutsimikiza kuti yachokeratu. Chosalembedwa sichisowa kufufuta.

Mzere woyambawo umauza kompyuta kuti chinthu chimodzi chikalephereka, zonse ziime. Popanda mzerewo, nkhokwe ikadula panjira, `gpg` imaloka theka la mndandanda mwaudongo kwambiri, fayilo n'kupita, kampani n'kulipira theka la odwala. Mawu oti `--sign` amaika siginecha ya chipatala. Ndi yofunika chifukwa kiyi wolokera ali ndi anthu ambiri, ndiye aliyense angathe kuloka fayilo yabodza n'kunena kuti yachokera kuchipatala. Kampani ikatsekula imayembekezera kuona `Good signature` ya kiyi wa chipatala chimenecho. Ikaona `BAD signature`, kapena siginecha palibe, fayiloyo isalowe m'nkhokwe. Kiyi wosainira ndiye chinsinsi chokhacho cha `gpg` chimene chimagona kuchipatala. Akabedwa, wakuba atha kunamizira chipatala, koma kuwerenga za odwala zimene zinatumizidwa sangathe.

Pali mwambo umodzi umene suyenera kulumphidwa pachiyambi. Kiyi wolokera akabwera pa imelo, mudziwa bwanji kuti ndi wa kampanidi? Kiyi wa mtundu wofala ali ndi chidindo cha zilembo ndi manambala 40, chimene chimaoneka mukalemba `gpg --fingerprint`. Munthu wa kuchipatala aimbire wa kukampani pa nambala imene ankaidziwa kale, osati imene yabwera m'imelo yomweyo, awerengerane chidindocho. Chidindo chomwecho ndicho chilembedwe pa `WOLANDIRA`, osati dzina la kampani, popeza dzina aliyense atha kulemba pa kiyi wake.

Kumbali ya kampani, nkhani yonse yagona pa pamene kiyi wachinsinsi akusungidwa. Akaikidwa pa seva yolandirira yomwe ija kuti mafayilo azitsekuka akangofika, tabwerera ku MOVEit. Ayenera kukhala pa kompyuta ina yam'kati, yosafikirika kuchokera pa intaneti. Kompyuta yam'katiyo ndiyo izipita kukatenga fayilo yoloka, kuitsekula kwawoko, kuona siginecha, kuilowetsa m'nkhokwe, n'kufufuta ya pa seva. Zikatero, wakuba amene walanda seva yolandirira amapeza mafayilo a usiku umodzi kapena iwiri, osawerengeka.

Kuloka kuli ndi malire ake. Sikubisa dzina la fayilo, kukula kwake, nthawi imene yatumizidwa, ndiponso kumene ikupita. Fayilo imene dzina lake lili ndi dzina la wodwala kapena la kiliniki ya ma ARV yaulula kale zambiri isanatsekulidwe. Dzina likhale tsiku kapena nambala basi. Sikutetezanso nkhokwe zenizenizo, ya chipatala ndi ya kampani, kapena kalaliki amene ali ndi chilolezo chowerenga n'kujambula sikirini ndi foni yake. Imeneyo ndi nkhondo ina.

Zimene zimawonongeka

Ntchito yoyenda yokha imafanso yokha, mwakachetechete. Chofala kwambiri ndi kutha kwa nthawi ya kiyi. Makiyi ambiri amapatsidwa tsiku lothera, mwina pakatha chaka kapena ziwiri, ndipo amene anawapanga amakhala atasiya ntchito kapena ataiwala. Usiku wina `gpg` imangokana n'kulemba kuti `Unusable public key`. Kukanako si vuto, ikuchita ntchito yake. Vuto ndi zimene anthu amachita m'mawa mwake. Ndalama zikufunika, ndiye wina amatulutsa mndandanda pamanja n'kuutumiza pa imelo kapena pa WhatsApp, "lero lokha". WhatsApp imalokadi uthenga pa ulendo, koma fayiloyo imakagona yowerengeka m'foni ya munthu, imene madzulo ana amaseweretsa. Ena amaika m'zipi ya pasiwedi, pasiwediyo n'kuilemba m'uthenga womwewo. Ndipo mtundu wakale wa zipi, wotchedwa ZipCrypto, ndi wofooka moti mapulogalamu othyolera alipo aulere.

Njira zachidule zoterezi zinagwetsapo akuluakulu. Mu Okutobala 2007, ofesi ya misonkho ya ku Britain, HMRC, inatumiza ma CD awiri pa mtokoma wa pakati pa maofesi kupita ku ofesi yofufuza za chuma cha boma. Munali mayina, maadilesi ndi za kubanki zokhudza anthu pafupifupi 25 miliyoni. Anali ndi pasiwedi koma sanali oloka mwa njira imene tikunenayi, ndipo sanafike. Mkulu wa HMRC, Paul Gray, anatula pansi udindo mwezi wotsatira. Choncho tsiku lothera kiyi lilembedwe pa kalendala ya ofesi, kutatsala mwezi alikonze, ndipo pakhale njira yovomerezeka yotumizira pamanja, yolokanso ndi `gpg`, yoti anthu aigwiritse ntchito zinthu zikaima.

Kwathu kuno tili ndi vuto lina lodziwika: magetsi kapena netiweki kuduka fayilo ili pakati. Pa seva pamatsala chiduswa, pulogalamu ya kampani n'kuchitola ngati fayilo yathunthu. Mankhwala ake ndi kutumiza ndi dzina losakhalitsa, n'kusintha dzinalo zonse zikafika. Mu `malangizo.txt` muja mukhale mizere iwiri iyi:

```
put 20250314.gpg 20250314.part
rename 20250314.part 20250314.gpg
```

Kampani imatenga zothera ndi `.gpg` zokha. Kuthimathima kwa magetsi kumaululanso kabatire kakufa ka wotchi ya m'kompyuta: ikayaka imaganiza kuti ili m'chaka china chakale, n'kumakana makiyi ndi ziphaso za TLS poti kwa iyo nthawi yake sinakwane. Munthu amatha tsiku lonse akufufuza vuto la makiyi pamene vuto ndi wotchi.

Choopsa china ndi kutaya kiyi wachinsinsi. Palibe kampani kapena katswiri amene angatsekule fayilo kiyi wake atatayika. Pakhale kope lake losungidwa kunja kwa kompyuta, m'sefa, lotetezedwa ndi mawu achinsinsi amene akuluakulu awiri odalirika akuwadziwa, ndipo kamodzi pachaka ayese kutsekulira fayilo yakale kuti aone ngati kopelo likugwiradi.

Nanga mungadziwe bwanji kuti zimene akukuuzani n'zoona? Simufunika kukhala katswiri. Pemphani kuti akutsekulireni foda yotumizira ndi ya pa seva yolandirira, muone. Tsekulani fayilo imodzi ndi Notepad: mukaona dzina la munthu, si yoloka, ngakhale dzina la fayilo lithere ndi `.gpg`. Onani tsiku la fayilo yakale kwambiri m'fodamo; ngati ndi ya chaka chatha, palibe akufufuta. Lamulo loti `gpg --list-packets` limaonetsa nambala ya kiyi amene fayilo yalokeredwa, ndipo ikhale ya kampani yokha, kapena ndi ya chipatala ngati munagwirizana choncho. Muonenso kaundula wa zochitika amene malangizo amalemba usiku uliwonse. Olemba mapulogalamu amakonda kulembamo mizere ya mndandanda pofufuza vuto, n'kuiwala kuchotsa, moti fayilo imapita yoloka koma mayina a odwala n'kutsala m'kaundula amene aliyense wa muofesi ya makompyuta amawerenga. Pomaliza, kampani ikhale ndi belu loliza fayilo ikapanda kufika pofika 3 koloko, ndipo mbali zonse ziwiri ziyerekeze chiwerengero cha mizere. Kompyuta imene yathima silira kuti yalephera, ndiye wodikira ndi amene ayenera kuona kuti kwangoti zii.

Zonsezi zili ndi mbali ya lamulo. Ku Ulaya, lamulo la GDPR limalamula bungwe kudziwitsa oyang'anira pasanathe maola 72 litazindikira kuti zinsinsi zatuluka, koma limalimasula pa udindo wodziwitsa munthu aliyense payekha ngati zotulukazo zinali zoloka moti sizingawerengeke. Ku Malawi, lamulo loteteza zinsinsi za anthu la 2024 linaika za umoyo m'gulu la zofunika kusamalidwa mwapadera, ndipo linapatsa MACRA udindo woyang'anira. Zambia inakhazikitsa lake mu 2021. Koma chindapusa sichibweza mbiri ya munthu. Khadi la kubanki likabedwa amaliletsa n'kupereka lina. Zotsatira za magazi zikafika kwa apongozi kapena kwa abwana, madzi atayika, saoleka.

Ineyo ndikuona kuti pa zinsinsi za odwala, SFTP yokha ndi disiki yoloka n'zosakwanira, ngakhale ogulitsa mapulogalamu alonjeze zotani. Fayilo izilokedwa isanachoke, kiyi wotsekulira azikhala kutali ndi seva yolandirira, ndipo yofika izifufutidwa ikangolowa m'nkhokwe. Mapulogalamu ake ndi aulere. Chofunika ndi munthu wodziwa, masiku ochepa, ndi kugwirizana kwa mbali ziwirizo. Inu amene mumayendetsa chipatala, labu, SACCO kapena kampani ya inshulansi, Lolemba likubwerali muitane wa makompyuta wanu akuonetseni foda yotumizira ndi fayilo yakale kwambiri imene ilimo, kenako akuuzeni kompyuta imene kiyi wotsekulira akugona.